Kufiira ndi kubiriwira kudadyetsa malume K45,000

Malume anga amagulitsa nsapato za kaunjika mu msika wa Limbe. Mwezi wathawu ndidawapeza atagwira tsaya, ati K45,000 ya ngongole yapita osaitsata.

Mwana wawo adawakonzera kaundula wa ngongole pa foni. Dzina la wolipira amalipaka mobiriwira, la wangongole mofiira, popanda mawu alionse. Kasitomala wina atabwera, malume adayang'ana dzina lake nkuganiza kuti adamaliza kulipira, nkumupatsanso katundu. Munthuyo sadaonekenso.

"Mphwanga, mitundu iwiriyi kwa ine ndi imodzi," adatero malume.

Si ng'ala ayi. Munthu amabadwa nalo vutoli, ndipo mwana wamwamuna amalitengera kwa mayi ake. Nchifukwa chake limagwira kwambiri abambo: pakati pa azungu ndi pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12, pomwe akazi ndi mmodzi mwa 200. Mankhwala ake palibe, koma foni ikhoza kuthandizako.

Tidatenga foni yawo ya Android nkulowa pa Settings, kenaka Accessibility, mpaka tidapeza Color correction. Pa mafoni ena mayinawa amasiyanako pang'ono. Pamenepo pali sefa zitatu: Deuteranomaly ndi ya amene saona bwino kubiriwira, Protanomaly ndi ya ovutika ndi kufiira, pomwe Tritanomaly ndi ya osokoneza buluu ndi chikasu. Tidaziyesa imodziimodzi kaundula uja ali chotsegula. Titafika pa Deuteranomaly, malume adati mayina aja ayamba kusiyana.

Koma chenjerani, amalonda. Sefayi siichiza maso, imangosintha mitundu ya chilichonse chooneka pa foni, kuphatikizapo zithunzi za katundu. Ngati mukuoda nsalu poona chithunzi, funsani wogulitsayo akutchulireni mtundu wake.

Chachiwiri, malume amagwira ntchito padzuwa, pomwe zilembo zotuwa zimazimirira. Tidayatsa High contrast text, yomwe imachititsa zilembo kukhala zakuda bii kapena zoyera mbee. Pewaninso kulemba zofiira pamalo pakuda, chifukwa kwa wovutika ndi kufiira mtunduwo umaoneka wodera.

Komabe gwero la mlandu lidali kaundula uja. Mtundu pawokha usamanyamule uthenga wa ndalama. Tsono tidaonjezera mawu pambali pa dzina lililonse, WALIPIRA kapena NGONGOLE, ndipo mitundu tidaika buluu ndi olenji, yomwe anthu ngati malume amaisiyanitsa mosavuta.

Nanga inu amaso abwino mungadziwe bwanji kuti chimene mwakonza chili bwino? Yatsani Grayscale, imene imachotsa mitundu yonse nkusiya zotuwa zokha, kenaka tsegulani kaundula kapena mndandanda wanu wa mitengo. Ngati simukutha kudziwa wangongole ndi wolipira, ndiye kuti mnzanu wina sakuwadziwanso.

Titayesa choncho ndi kaundula watsopanoyo, malume adawerenga mayina onse osaphonya. Adapezamo angongole atatu amene amawayesa kuti adalipira kale, ndipo tsiku lomwelo adayamba kuwaimbira.