Kamwala kopyapyala komwe kamazungulitsa kuwala

Kuwala ndi funde, ndipo m'fundemo mphamvu yamagetsi imagwedezeka mopingasa njira imene kuwalako kukupita. Kukadutsa pa polaraiza, kugwedezekako kumatsala pa mzere umodzi wokha. Kamwala kotchedwa kota-wevu puleti kamatenga kuwala kwa mzere umodzi kumeneku n'kukusandutsa kozungulira, popanda kumeza gawo lililonse monga imachitira polaraiza. Ntchito yake yonse ndi kuchedwetsa basi.

Kamwalaka kamapangidwa ndi zinthu monga kwatsi kapena maika, zomwe kuwala sikuyendamo pa liwiro limodzi. Kali ndi mizere iwiri yopingasana. Kuwala kogwedezeka motsata mzere wachangu kumafulumira, kotsata mzere wochedwa kumatsalira m'mbuyo. Mukalowetsa kuwala kwa mzere umodzi kutapendekeka ndi madigiri 45 pakati pa mizere iwiriyi, kumagawika m'zigawo ziwiri zofanana mphamvu. Polowa zimayambira pamodzi, koma potuluka chimodzi chimakhala chitatsalira ndi kotala ya funde, omwe ndi madigiri 90. Ndiye kuti pamene chigawo chimodzi chafika pachimake, chinzake chili pa ziro, kenako zimasinthana. Mukaziphatikiza, muvi wa mphamvu yamagetsi sufupika kapena kutalika, umangozungulira uku ukupita kutsogolo ngati mazinga a bawuti. Mukatembenuza kamwalako ndi madigiri 90, kuzungulirako kumasintha mbali.

Kuchindikala kwake kumawerengedwa motere: d = λ / (4Δn). Apa λ ndi kutalika kwa funde, ndipo Δn ndi kusiyana kwa manambala awiri osonyeza mmene mwalawo umachedwetsera kuwala pa mizere iwiri ija. Titenge leza yofiira ya heliyamu ndi niyoni, ya mananomita 633, yomwe imapezeka m'malabotale ambiri a fizikisi. Pa kwatsi, Δn ndi pafupifupi 0.009, choncho kamwalako kayenera kuchindikala mamaikulomita pafupifupi 17.5, kuchepa kuposa tsitsi. Kotere sikachedwa kusweka. N'chifukwa chake opanga amakonda kukasiya kochindikala, kuti kachedwetse ndi mafunde athunthu angapo kuphatikizapo kotala. Zotsatira zake n'zomwezo, koma kamwala kochindikala kamasokonekera msanga labotale ikatentha kapena mtundu wa kuwala ukasintha pang'ono. Njira ina ndi kuphatikiza timiyala tiwiri mopingasa, kuti kusiyana kwa kuchindikala kwake ndiko kupereke kotala ija.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zatheka? Ikani polaraiza yachiwiri kutsogolo n'kumaizungulitsa pang'onopang'ono. Ngati kuwala kulidi kozungulira, mphamvu yake pa mita sisintha. Ikamakwera ndi kutsika, pali cholakwika, ndipo nthawi zambiri ndi ngodya. Pa madigiri 30 m'malo mwa 45, zigawo ziwiri zija sizifanananso, muvi umajambula bwalo lophwatalala lotchedwa elipisi, ndipo mita ikakweretsetsa imawerenga katatu kuposa pamene yatsikitsitsa. Pa madigiri 0 palibe chochitika, kuwala kumatuluka monga kunalowera. Cholakwika china ndi kugwiritsa ntchito kamwala ka leza yofiira pa leza yobiriwira ya mananomita 532. Ngakhale kamwalako katakhala kopyapyala kaja, kuchedwa kumafika pafupifupi madigiri 107, ndipo ngakhale mukonze ngodya bwanji, bwalo lenileni simulipeza.

Pali msampha womwe umakola ophunzira ambiri pamayeso. Kuwala kwa babu wamba, komwe kugwedezeka kwake n'kosakanikirana, nakonso sikusintha mphamvu mukazungulitsa polaraiza. Polaraiza yokha singasiyanitse ziwirizi. Muyenera kuikanso kota-wevu puleti ina patsogolo pa polaraiza yoyezerayo. Kuwala kozungulira kumabwerera kukhala kwa mzere umodzi, ndipo pa ngodya ina kumazimiratu. Kwa babu sikuzima pa ngodya iliyonse.

Kwa ine, chionetsero chomveka kuposa masamu onsewa ndi cha kandalama kachitsulo. Ikani polaraiza ndi kamwala pamwamba pa kandalamako, kamwala kali pansi, pa madigiri 45. Kuwala kumafika pachitsulo kuli kozungulira, pobwerera mbali yozungulira imatembenuka, ndipo kukadutsanso pakamwala kumakhala kutachedwa ndi theka la funde lonse. Kumatuluka kuli kwa mzere umodzi wopingasana ndi woyamba uja, polaraiza n'kukutsekereza, kandalama n'kuoneka kakuda. Mukatembenuza ziwirizo, polaraiza n'kukhala pansi, kandalama kamawalanso. Njira yomweyi imathandiza m'malabotale kuchepetsa kuwala kobwerera mu leza kuchokera pa magalasi, ngakhale imalephera pa pepala loyera, chifukwa pepala limasokoneza kugwedezeka kwa kuwala pokubweza.