Macheza a Mlendo Amapita Limodzi ndi Makuke

Masamba ambiri a pa intaneti ali ndi kabokosi ka macheza pakona, komwe munthu amalemba funso osatsegula akaunti. Sapereka imelo, sapereka pasiwedi. Nanga tsambalo limamuzindikira bwanji akabweranso mawa? Limasiya nambala yaitali mu burawuza yake, m'kafayilo kotchedwa kuke kapena pamalo otchedwa localStorage. Masamba ena amasunga macheza onsewo momwemo, m'foni mwa munthuyo. Nambalayo ili ngati tikiti ya katundu wosungitsa pa depoti: ikatayika, mulibenso chosonyeza kuti katunduyo ndi wanu.

Tinene kuti mayi wina wakambirana ndi sitolo ya pa intaneti za makina osokera amene anafika ali owonongeka. Wogulitsa wamulembera nambala ya dandaulo, walonjezanso kubweza ndalama. Madzulo foni yayamba kuvuta, malo atha. Mayiyo akutsegula Chrome, akudina timadontho titatu tapamwamba, akusankha "Delete browsing data". Pakubwera timabokosi: "Browsing history", "Cookies and site data" ndi "Cached images and files". Akuchonga tonse, akufufuta.

M'mawa kabokosi ka macheza kakumulonjera ngati mlendo amene sanafikeko. Lonjezo lija palibe, nambala ya dandaulo palibe.

Chapweteketsa mayiyo ndi kabokosi kachiwiri kaja. Koyamba kamangochotsa mndandanda wa masamba amene munapitako. Kachitatu kamachotsa zithunzi ndi mafayilo amene burawuza inasunga kuti tsamba lizitseguka msanga, ndipo kawirikawiri ndi kamene kamabweza malo ambiri. Koma kachiwiri kamasesa makuke pamodzi ndi localStorage, ndipo zofufutidwazo sizipita mu bini iliyonse yoti mukazitolemo. Zimandiwawa kuti anthu ambiri amataya macheza ofunika pofuna malo amene akanawapeza pochonga kachitatu kokha.

Komabe musaganize kuti kufufuta kumeneku kwafika mpaka ku kampani. Ngati machezawo ankasungidwa pa makompyuta awo, mwina alipobe, kungoti inu simungawatsegulenso. Wogwira ntchito kumeneko angathe kuwafufuza mukamupatsa nambala ya dandaulo kapena tsiku ndi nthawi yomwe munacheza. Koma ngati ankakhala m'foni mokha, apita basi.

Macheza angasowenso musanafufute kalikonse. Mukacheza pa Incognito, makuke amachoka mukatseka mawindo onse a Incognito. Mukatsegula tsamba lomwelo pa foni ina kapena mu burawuza ina, simuwapeza, chifukwa nambala ija inatsala kwina. Ndipo kuyambira 2020, Safari ya pa iPhone imafufuta yokha localStorage ya tsamba limene simunaligwiritse ntchito kwa masiku 7 amene mwakhala mukutsegula burawuzayo.

Choncho wogulitsa akangolemba nambala, mtengo kapena lonjezo, jambulani sikirini nthawi yomweyo. Ngati kabokosiko kali ndi batani lotumizira machezawo ku imelo, lidineni musanatseke tsambalo.