Chithunzi cha chikwangwani chingakuuzeni dzina la zilembo zake

Mwini golosale akafuna kutsegula sitolo yachiwiri, kapena dzuwa likasupula zilembo ziwiri pa chikwangwani chake, amajambula chikwangwanicho ndi foni n'kupita nacho kwa opanga zikwangwani. "Mundipangire zofanana ndi izi," amatero. Munthu amene anapanga choyambacho mwina anasamuka kalekale, ndipo failo yake inapita ndi kompyuta imene inawonongeka. Chimene chatsala ndi chithunzi basi. Wopanga watsopanoyo ayenera kupeza dzina la fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo zimene anagwiritsa ntchito, chifukwa akangosankha yoyandikira, zilembo zatsopano zidzaoneka zachilendo pakati pa zakale ngakhale kwa munthu wosadziwa chifukwa chake.

Ambiri amayamba ndi kuyang'ana mawu onse pamodzi, kukula kwake ndi kunenepa kwake. Njira imeneyi imasokeretsa. Kukula ndi kutambasuka kwa zilembo wina aliyense angakusinthe pa kompyuta. Chimene sichisinthika msanga ndi mmene mzere wa chilembo umathera. Tengani S, C, e kapena a: chilichonse chili ndi mzere wokhota umene umafika pena n'kuima. Wokonza fontiyo anayenera kusankha kadulidwe ka malo amenewo, monga mmene wodula nzimbe amasankhira kuidula mopingasa kapena mopendeketsa chikwanje, ndipo akasankha amadula chimodzimodzi pa zilembo zonse. Nsonga zimenezi ndiye poyambira.

Tiyerekeze kuti chithunzi chathu chili ndi mawu akuti GOLOSALE m'zilembo zazikulu, pansi pake pali "mitengo yotsika" m'zilembo zazing'ono, kenako nambala ya foni. Zilembo zake n'zosalala, zilibe timapazi timene timakhala kumapeto kwa mizere m'mafonti a m'mabuku monga Times New Roman. Pa zikwangwani zotere, mayina awiri amene amabwera msanga ndi Helvetica ndi Arial. Helvetica inatuluka mu 1957 ku Switzerland, yokonzedwa ndi Max Miedinger pa kampani ya Haas. Arial inakonzedwa mu 1982 ndi Robin Nicholas ndi Patricia Saunders ku Monotype, ndipo inafala pamene inalowa mu Windows 3.1 mu 1992. Chilembo chilichonse cha Arial ya pa Windows chimatenga malo ofanana ndi mnzake wa mu Helvetica, choncho kuyeza utali wa mawu ndi rula sikungakuthandizeni kuzisiyanitsa.

M'mawu akuti GOLOSALE, zilembo O, L, A ndi E musatayirepo nthawi, zimafanana kwambiri m'mafonti onse awiri. Kuzani chithunzicho pa S. Ngati nsonga zake ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, zadulidwa mogona, molingana ndi mzere umene zilembo zonse zaimapo, muli kumbali ya Helvetica. Ngati zadulidwa mopendekera, muli kumbali ya Arial. Yang'ananinso e ndi s m'mawu aang'ono aja kuti muone ngati zikuvomerezana ndi S wamkuluyo.

Tsopano pitani pa G, chimene kwa ine ndicho chilembo chonena zambiri kuposa zonse pa chikwangwani. G wa Helvetica ali ndi kamwendo kumanja pansi, kamene kamatsika mpaka pa mzere woimapo zilembo, moti amaoneka ngati ali ndi kamuvi. G wa Arial alibe kamwendoko, amangokhota n'kukwera kukakumana ndi kamzere kapakati. Chilembo t cha mu "mitengo" ndi "yotsika" chimatsimikizira: mutu wake ndi wodulidwa mwafulati mu Helvetica, koma mopendekera mu Arial. Chikwangwanicho chikanakhala ndi R zikanaphweka kwambiri, chifukwa mwendo wa R wa Helvetica umatsika pafupifupi choimirira n'kukhota pang'ono pansi, pomwe wa Arial umathawira kumanja.

N'chifukwa chiyani tikufufuza zilembo zitatu pamene S watiuza kale? Chifukwa Helvetica si yokhayo yodula nsonga mogona. Univers, imene Adrian Frutiger anatulutsa m'chaka chomwecho cha 1957, nayo imatero. Koma G wake alibe kamwendo, ndipo mutu wa t wake ndi wopendekera. Munthu wongoona S anganene kuti Helvetica, wongoona G ndi t anganene kuti Arial, ndipo onse awiri angaphonye. Fonti imadziwika zizindikiro zingapo zikagwirizana, ndipo chimodzi chikatsutsa zinzake, ndiye kuti dzina lenileni simunalipeze.

Mafonti ena amadziwika msanga. Ngati O ndi wozungulira ndendende, a ali ngati o wokhala ndi kamzere kumanja, ndipo t ndi mtanda wopanda kukhota pansi, ganizirani za Futura ya Paul Renner ya mu 1927. Ngati g wa mu "mitengo" ali ndi zibowo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, Helvetica, Arial ndi Univers zonse zatuluka, ndipo muyambe kuganizira Gill Sans kapena Franklin Gothic.

Vuto lalikulu limachokera ku chithunzi chenichenicho. Chikwangwani chimakhala pamwamba pa khomo, wojambula ali pansi ndipo nthawi zambiri waima chambali. Zikatero mizere yogona imaoneka yopendekera, ndipo nsonga ya S wa Helvetica ingaoneke ngati ya Arial. Musaiyerekeze ndi m'mphepete mwa chithunzi. Iyerekezeni ndi mizere yogona ya E kapena L amene ali pafupi nayo, popeza nayonso yapendekera mofanana. Ngati nsonga ya S ikuyenda limodzi ndi phazi la L, ndiye kuti ndi yogona. Ngati n'kotheka kujambulanso, imani chapatali moyang'anizana ndi pakati pa chikwangwanicho, masana, chifukwa usiku kuwala kwa chikwangwani cha magetsi kumameza makona a zilembo.

Palinso chizolowezi chofinya kapena kukoka zilembo pa kompyuta kuti dzina lalitali likwane pa bolodi. Chimenechi mungachigwire pa E. M'mafonti amenewa mzere woimirira umanenepa pang'ono kuposa yogona. Mukapeza mizere yogona ya E ili yonenepa kuposa woimirira, zilembozo anazifinya, ndipo musavutike kufunafuna fonti yopyapyala mwachibadwa. Kufinya sikusintha nsonga yogona, imakhalabe yogona, koma yopendekera imapendekera kwambiri.

Musanachite zonsezi, onani kaye ngati pali fonti n'komwe. Zikwangwani zambiri m'misika ndi m'matauni athu amalemba ndi burashi anthu aluso, ena potengera zilembo zimene anaziona posindikizidwa. Mawu athu ali ndi O awiri ndi L awiri: ngati akusiyana m'lifupi kapena kunenepa koposa zimene kupendekera kwa chithunzi kungachititse, linalemba ndi dzanja, ndipo wofunika pamenepo ndi wolemba ndi penti, osati kompyuta.

Zizindikiro zonse zikaloza ku Helvetica, dziwani kuti makampani ena anapanga zofanana nayo n'kuzipatsa mayina ena, monga Nimbus Sans ndi Swiss 721. Yachiwiriyi inkabwera limodzi ndi CorelDRAW, pulogalamu imene opanga zikwangwani ambiri amagwiritsa ntchito, choncho n'kutheka kuti wopanga woyamba uja anagwiritsa ntchito imeneyo. Chithunzi cha foni sichingasiyanitse zimenezi, ndipo pa ntchito yokonza chikwangwani sizivuta. Lembani GOLOSALE m'fonti imene mukuiganizira, ikani mawuwo pamwamba pa chithunzi mowalitsa kuti zapansi zizioneka, muone ngati G, S ndi t zikugwera pamalo ake musanadule sitika.