Kodi nyimbo imachokeradi m'foni?

Nyimbo ikakana kumveka pa wailesi yakanema kapena pa sipika ya Wi-Fi, ambirife timadzuka n'kukaima pafupi nayo, foni ili m'manja. M'pomveka kutero. Tinazolowera Bluetooth, imene imayamba kudukiza foni ikatalikira mamita pafupifupi 10, chifukwa kumeneko nyimbo imatulukadi m'foni.

Koma mukadina kachizindikiro ka Cast mu YouTube kapena mu Spotify, foni siitumiza nyimbo ayi. Imangouza kanemayo kumene nyimboyo ili pa intaneti, ndipo kanemayo amakaitenga yekha kudzera pa rauta. Foni imasanduka rimoti chabe. N'chifukwa chake wina akakuimbirani, nyimbo imapitirira kulira pabalaza inu mukulankhula pakhonde.

Choncho chofunika si kuyandikira, koma kuti foni ndi kanema zikhale pa netiweki imodzi. Foni imafunsa pa netiweki yam'nyumbamo kuti ndani angalandire nyimbo, ndipo funsoli silituluka kunja kwa netiwekiyo.

Ndinaziona kwa malume tsiku lina magetsi atangoyaka. Kachizindikiro ka Cast kanasowa, iwo n'kumati Chromecast yapsa. Sinapse. Magetsi atazima rauta inazimanso, foni n'kuyamba kugwiritsa ntchito bandulo ya pa simukhadi. Pofuna kusunga batire, malumewo anazimitsa Wi-Fi pa foniyo, n'kuiwala. Titayatsa Wi-Fi, kachizindikiro kanabwerera pasanathe mphindi imodzi. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi kuwerenga dzina la netiweki pa foni ndi pa kanema, kuona ngati ndi limodzi.

Dzina likakhala limodzi koma zipangizo n'kumalephera kuonana, onani ngati VPN ili yoyaka, chifukwa kawirikawiri imabisa foni kwa zipangizo zam'nyumba. Pa iPhone, kuyambira pa iOS 14, pulogalamu iliyonse imafuna chilolezo cha Local Network, ndipo ambiri anachikana osadziwa kuti n'chachiyani. Ma Wi-Fi a alendo, monga a m'mahotela, nawonso nthawi zambiri amaletsa dala kuti zipangizo zizionana.

Ena amati zonse ziyenera kukhala pa 2.4 GHz kapena zonse pa 5 GHz. Pa marauta ambiri zimenezi zilibe kanthu, malinga ngati onse awiri ndi makomo a netiweki imodzi, ngakhale kuti Chromecast yoyamba, ya mu 2013, imamva 2.4 GHz yokha.

Vuto lina limasiyana ndi onsewa: kanema akuoneka pa foni, mwalumikiza, koma nyimbo ikungozungulira osayamba. Apa zipangizo zaonana, chasowa ndi intaneti pa rauta. Onani ngati bandulo ya mu rauta kapena MiFi yatha kapena ngati munagula ya WhatsApp yokha. Ngati bandulo ili bwino, zimitsani rauta, dikirani masekondi 30, iyatseni, ndipo ikakhazikika muzimitse kanemayo n'kumuyatsanso.