Chilembo chimodzi, njira ziwiri: momwe purosesa imafunsira chipangizo ngati chakonzeka

Purosesa ya kompyuta ndi yaliwiro, koma zipangizo zimene imagwira nazo ntchito n'zochedwa. Chingwe cha siriyo chimene chikuyenda pa liwiro la mabiti 9,600 pa sekondi chimangotumiza zilembo pafupifupi 960 pa sekondi, chifukwa chilembo chilichonse chimadya mabiti 10. M'kanthawi kamene chilembo chimodzi chili pa ulendo, purosesa imatha kugwira malamulo zikwizikwi. Ikangothira zilembo mosafunsa, chatsopano chimafufuta chinzake chisanatuluke, ndipo uthenga umafika uli ndi mipata.

Choncho purosesa imayamba yafunsa. Yankho limakhala m'kamalo kakang'ono m'kati mwa chipangizocho, kotchedwa rejista ya momwe zinthu zilili. Pa kachipangizo ka siriyo kodziwika kwambiri, 16550, kamene kanalowa m'malo mwa 8250 ka m'kompyuta ya IBM PC ya mu 1981, rejista imeneyi imalembedwa kuti `LSR` ndipo ndi baiti imodzi yokha: mabiti 8, owerengedwa kuyambira 0 mpaka 7. Biti 0 ikakhala 1, ndiye kuti kwafika chilembo chodikira kuwerengedwa. Biti 5 ikakhala 1, ndiye kuti malo otumizira ndi opanda kanthu, chilembo china chikhoza kulowa. Chingwe chikakhala phee, rejistayo imaonetsa `0x60`. Chilembo chikangofika, imasanduka `0x61`.

Funso limene linagawanitsa opanga makompyuta ndi lakuti, kodi baiti imeneyi purosesa iziipeza bwanji?

A Intel anasankha kupatsa zipangizo maadiresi akeake, olekana ndi a memore. Maadiresiwa amatchedwa mapoti, ndipo pa mapurosesa a banja la x86 alipo 65,536. Kuti uwafike pali malamulo awiri apadera, `in` lowerengera ndi `out` lolembera. Poti ya siriyo yoyamba ya PC, `COM1`, imayambira pa `0x3F8`, ndipo `LSR` ili masitepe 5 kutsogolo, pa `0x3FD`. Kudikira kumalembedwa motere:

```
      mov  dx, 0x3FD
dika: in   al, dx
      test al, 0x20
      jz   dika
```

Nambala `0x20` ndi biti 5 yokha itayaka. Pulogalamuyo imawerenga rejista, kuona biti imeneyo, ndipo ikapeza 0 imabwerera kukawerenganso. Ikapeza 1, imalemba chilembocho pa `0x3F8` pogwiritsa ntchito `out`. Mu memore mulinso adiresi `0x3FD`, koma ziwirizi sizisokonezana. Pa purosesa ya 8088 panali kamwendo kamodzi kamene ntchito yake inali kulengeza ngati nambala imene yatuluka ndi ya memore kapena ya poti, ndipo mbali imene sinaitanidwe imangokhala chete.

Ena anaona kuti malamulo apadera n'ngosafunika. Kompyuta ya PDP-11 ya kampani ya DEC, imene inatuluka mu 1970, inapatula chigawo cha pamwamba cha maadiresi ake n'kuchipereka kwa zipangizo. Purosesa ya 6502 inatsata njira yomweyo, ndipo amene anagwirapo Commodore 64 amakumbukira kuti kulemba nambala pa adiresi 53280 kunkasintha mtundu wa m'mphepete mwa sikirini. Mapurosesa a ARM, amene ali m'mafoni ambiri ogulitsidwa ku Limbe kapena ku Chipata, alibe `in` kapena `out`. A RISC-V nawonso alibe.

Njira yachiwiriyi tingaiyerekeze ndi mabokosi a makalata a ku positi ofesi. Ambiri amasunga chimene waikamo mpaka udzabwere. Koma ochepa alibe kumbuyo: kuseri kwake kuli wantchito amene amalandira pompopompo chimene walowetsa, ndipo amasintha za m'katimo iwe usakuona. Kunja onse amaoneka ofanana.

Ka 16550 komwe kaja kamapezekanso m'njira imeneyi. Pa makina oyerekezera a RISC-V a pulogalamu ya QEMU, otchedwa `virt`, kamakhala pa adiresi ya memore `0x10000000`, choncho `LSR` ili pa `0x10000005`. Mabiti ake ndi omwe aja, tanthauzo lake ndi lomwe lija. Chasintha n'kafikidwe kokha, ndipo m'chinenero cha C palibe lamulo lachilendo limene likufunika:

```
volatile unsigned char *lsr = (unsigned char *)0x10000005;
while ((*lsr & 0x20) == 0)
    ;
```

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Lamulo la `in` limadziulula lokha kuti likulankhula ndi chipangizo. Koma kuwerenga adiresi `0x10000005` kumaoneka ngati kuwerenga memore wamba, ndipo chilichonse chimene chinapangidwa kuti chifulumizitse memore chimafuna kuthandiza, n'kuwononga.

Woyamba kuwononga ndi kompaila, pulogalamu imene imasandutsa C kukhala malamulo a purosesa. Mawu akuti `volatile` akachotsedwa, kompaila imaona kuti m'kati mwa kuzungulirako palibe chimene chikulemba pa adiresiyo. Imaganiza kuti nambalayo singasinthe, ndiye imaiwerenga kamodzi kokha. Ngati pa nthawi imeneyo biti 5 inali 0, pulogalamu imazungulira mpaka kalekale, chikhalirecho chipangizocho chinakonzeka kale. Vutoli lili ndi chizindikiro chake: pulogalamu imayenda bwino ikamangidwa ndi `-O0`, koma imaima njii ikamangidwa ndi `-O2`.

Wachiwiri ndi kashe, kamemore kaliwiro ka m'kati mwa purosesa kamene kamasunga kope la zimene zangowerengedwa kumene. Kashe akasunga kope la `LSR`, purosesa imangolandira yankho lakale ngakhale ifunse kangati. Apa `volatile` sathandiza, chifukwa kompaila yachita mbali yake. Mankhwala ake n'kuuza purosesa kuti chigawo cha maadiresi chimenecho ndi cha chipangizo, chisalowe mu kashe, ndipo zolemba ndi zowerenga zake zizichitika m'ndondomeko imene zinalembedwera.

Vuto lachitatu limadabwitsa ngakhale odziwa. Memore wamba sasintha ukamuwerenga, koma rejista ya chipangizo imatha kusintha. Biti 1 ya `LSR` imanena kuti chilembo china chatayika chifukwa chinafika mnzake asanachotsedwe, ndipo kungowerenga rejistayo kumaizimitsa. Pulogalamu imene yawerenga koyamba pofuna biti 5, kenako n'kuwerenganso pofuna biti 1, imapeza kuti zonse zili bwino pamene chilembo chapita. Njira yabwino n'kuwerenga kamodzi, kusunga nambalayo, n'kuyang'ana mabiti onse pa kope losungidwalo. Izi zimachitikanso pa mapoti, koma pa memore ngozi imakula: katswiri akangotsegula zenera loonetsa za mu memore kuyambira pa `0x10000000`, chida chake chofufuzira chikhoza kumeza chilembo chimene pulogalamu imadikira.

Ngakhale pali misampha imeneyi, njira ya memore ndi imene inafalikira, ndipo pali zifukwa zomveka. Mapoti 65,536 sangakwane chithunzi chimodzi cha sikirini ya lero. Komanso `in` ndi `out` amadutsa pa rejista imodzi yokha ya purosesa ndipo satenga mabaiti oposa 4 nthawi imodzi, pamene memore imafikidwa ndi malamulo ambirimbiri. Ngakhale IBM PC yomwe ija inaika memore ya sikirini m'maadiresi wamba, mwachitsanzo pa `0xB8000`. Mtengo wake unali woti adiresi yopatsidwa kwa chipangizo memore singaigwiritsenso ntchito: pa megabaiti imodzi imene 8088 inkafika, mapulogalamu anatsala ndi makilobaiti 640.

Kompyuta ya x86 ya lero ikusungabe njira zonse ziwiri. Pa Linux, `cat /proc/ioports` amaonetsa mapoti, ndipo pa makina okhala ndi `COM1` mumaoneka mzere wa `03f8-03ff`. Lamulo la `cat /proc/iomem` limaonetsa mapu a memore, momwe muli khadi la zithunzi ndi la netiweki. Manambala enieni amaoneka kwa amene wayamba ndi `sudo`. Kwa ena onse mizereyo imangodzaza ndi maziro.