Malipiro a usiku amene amathawira mwezi watha

Tiyerekeze malo omwetsera mafuta ku Lilongwe amene amagulitsa usiku wonse. Woyendetsa minibasi wamwetsa dizilo nthawi ya 01:30 usiku, pa 1 Malichi 2025, ndipo walipira pa foni. Makina a pamalopo alemba nthawi ya kuno kwathu. Koma seva yolandira malipiro imasunga nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayezerapo mawotchi, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Sevayo yalemba 23:30, pa 28 Febuluwale.

Kukacha, kapulogalamu kofananitsa mabuku awiriwa kapeza kuti ndalama zinalowa mafuta asanagulitsidwe, tsiku lina, mwezinso wina. Mabuku a Malichi aperewera, a Febuluwale asefukira, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi mnyamata wa pa pampu. Izi zimandiwawa, chifukwa iye sanabe kanthu. Manambala onse awiri ndi oona, chimene chasowa ndi chizindikiro chonena kuti lililonse lawerengedwa pa wotchi ya kuti.

Vutoli lili ndi mapazi ake. Nthawi zimasiyana ndi maola awiri ndendende, ndipo malipiro osochera tsiku ndi okhawo a pakati pa 00:00 ndi 02:00. Seva ikakhala yotsata nthawi ya ku London, kusiyanako kumatsika kufika pa ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, poti ku Britain amasuntha mawotchi. Amene anangolamula kapulogalamu kuti kaziwonjezera maola awiri amadzadabwa nyengo imeneyo.

Kalembedwe ka deti nakonso kamapusitsa. Ife tikaona `01/03/2025` timawerenga 1 Malichi, pomwe pulogalamu yotsata kalembedwe ka ku America imayamba ndi mwezi n'kuwerenga 3 Januwale. Sidandaula konse mpaka tsiku la 13 litakwana, pamene imasowa mwezi wa 13. Masiku khumi ndi awiri oyambawo amalowa mwakachetechete.

Mankhwala ake ndi kalembedwe ka ISO 8601: chaka, mwezi, tsiku, nthawi, kenako kusiyana kwake ndi UTC. Mu Python zimaoneka chonchi:

```python
from datetime import datetime
a = datetime.fromisoformat("2025-03-01T01:30+02:00")
b = datetime.fromisoformat("2025-02-28T23:30+00:00")
print(a == b)
```

Yankho ndi `True`, kutanthauza kuti ndi mphindi imodzi yomweyo. Mukachotsa `+02:00` ndi `+00:00`, yankho limakhala `False`, popanda chenjezo lililonse. Choncho kapulogalamu kazifananitsa nthawi zokhala ndi chizindikirochi, koma potseka mabuku a mwezi kayambe katembenuzira malipiro onse ku `Africa/Blantyre`, kuti dizilo wa 01:30 uja awerengedwe m'Malichi.