Pamene "Malaŵi" athyokera pakati pa chilembo

Tiyerekeze kuti nyuzipepala yalemba mutu wa nkhani wakuti "Mfumu yafalitsa uthenga wa chitukuko". Pa foni malo ndi ochepa, choncho pulogalamu yoonetsa mitu ya nkhani inauzidwa kuti izitenga zilembo khumi zokha, kenako iziika timadontho titatu. Pulogalamuyo iwerenga mokhulupirika, mpata wa pakati pa mawu iuwerenganso ngati chilembo, ndipo ikafika pa khumi idula. Chimene wowerenga aone ndi ichi: "Mfumu yafa…"

Chiwerengero ndi cholondola ndithu, koma mudzi wonse wayamba kulira maliro a munthu wamoyo. Chimodzimodzi "Aphunzitsi anaphatikiza makalasi awiri" akadulidwa pa zilembo 17 amasanduka "Aphunzitsi anapha…". Chichewa chimavulala msanga ndi kadulidwe kotere chifukwa mneni wake amamangidwa molumikiza tizidutswa, ndipo chiyambi cha mneni wina nthawi zambiri chimakhala liwu lina lathunthu. Timadontho timene tinayenera kuchenjeza kuti nkhani ikupitirira timangooneka ngati wolembayo wagwidwa ndi chisoni.

Limeneli ndi vuto loyamba, ndipo aliyense amaliona. Lachiwiri ndi lobisika, ndipo lagona m'dzina la dziko lenilenilo likalembedwa ndi kadenga pa w: Malaŵi.

Kompyuta sisunga zilembo. Imasunga manambala m'timagawo totchedwa mabaiti, ndipo baiti iliyonse ili ndi mabiti asanu ndi atatu, kutanthauza ma 0 ndi ma 1 okwana asanu ndi atatu. Ndondomeko yakale ya ASCII, imene inatuluka koyamba mu 1963, ili ndi malo 128 okha, okwanira zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Mmenemo chilembo chimodzi ndi baiti imodzi, ndipo olemba mapulogalamu anazolowera kuganiza kuti kuwerenga mabaiti n'chimodzimodzi kuwerenga zilembo. Mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza UTF-8, imene masamba ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito lero. Mu UTF-8 zilembo za ASCII zinakhalabe za baiti imodzi, koma zina zonse zimatenga mabaiti awiri, atatu kapena anayi. Chilembo ŵ, chimene chimapezekanso m'chiyankhulo cha ku Wales, chimatenga awiri: `C5` ndi `B5`. Ndiye kuti "Malaŵi" ali ndi zilembo zisanu ndi chimodzi koma mabaiti asanu ndi awiri.

Mpeni ukagwera pakati pa mabaiti awiriwo, `C5` imatsala yokha, ndipo payokha si chilembo chilichonse. Mapulogalamu ambiri akakumana nayo amaonetsa kachizindikiro kakuda kokhala ndi funso pakati, �, kamene ntchito yake ndi kunena kuti pano panali chinthu chosawerengeka. Ena sapirira n'komwe: amakana uthenga wonse, moti nkhani sisungika kapena tsamba silitseguka. Chizindikiro chodziwira matendawa n'chosavuta. Ngati kafunso kakudako kamaoneka kumapeto kwenikweni kwa mawu, pafupi ndi timadontho, pamene ŵ wina wa pakati pa chiganizo akuoneka bwinobwino, wolakwa ndi wodulayo. Kakamabalalika paliponse m'nkhani, vuto lili kwina.

Mwayi wake, UTF-8 anaikonza moti munthu angadziwe pamene waima. Baiti yoyambitsa chilembo cha mabaiti awiri imayamba ndi `110`, ya atatu ndi `1110`, ya anayi ndi `11110`. Baiti iliyonse yotsatira, imene singaime payokha, imayamba ndi `10`. Kwa ŵ, `C5` ndi `11000101` ndipo `B5` ndi `10110101`. Wodula amangoyang'ana baiti yoyamba mwa zimene akufuna kutaya. Ikayamba ndi `10`, ndiye kuti mpeni uli m'kati mwa chilembo, ndipo abwerere m'mbuyo mpaka apeze poyambira. Sangabwerere koposa mabaiti atatu.

Tsopano tione mutu wina, kuyambira poyamba mpaka pomaliza: "Asodzi a ku Malaŵi agwira usipa wambiri". Uli ndi zilembo 39, kuphatikiza mipata, ndipo mabaiti ake ndi 40. Malo amene alipo ndi mabaiti 20.

Choyamba ndi kufunsa ngati kudula kukufunika n'komwe. Mutu wokwana m'malo ake suyenera kupatsidwa timadontho, ngakhale pali mapulogalamu ena amene amatimata paliponse ngati sitampu. Apa 40 yaposa 20, choncho mpeni ugwire ntchito. Chachiwiri, chimene ambiri amaiwala, ndi kusungiratu malo a timadontho tomweto. Chizindikiro … chikalembedwa ngati chilembo chimodzi chimadya mabaiti atatu, `E2 80 A6`. Wodula pa 20 n'kuwonjezera timadontho amathera pa 23, kunja kwa malire. Malo enieni a mawu ndi 17.

"Asodzi a ku " ndi mabaiti 12, "Mala" afikitsa pa 16, ndipo baiti ya 17 ndi `C5` ija, theka la ŵ. Yotsatira yake imayamba ndi `10`, ndiye wodula abwerere kamodzi n'kutsala ndi "Asodzi a ku Mala". Zilembo zonse tsopano ndi zathunthu koma liwu lathyoka, choncho abwererenso mpaka pa mpata womaliza, achotse mpatawo, aike timadontho. Zotsatira zake ndi "Asodzi a ku…", mabaiti 14. Malo a mabaiti asanu ndi limodzi atsala opanda kanthu, ndipo umenewo ndiwo mtengo wa ukhondo. Mkonzi wa nyuzipepala akhoza kunyinyirika kuti "a ku" walendewera, koma palibe amene wanamizidwa.

M'chiyankhulo cha makompyuta cha Python, ntchito yonseyi imakwana m'mizere yochepa:

```python
def dula(mawu, malire):
    b = mawu.encode("utf-8")
    if len(b) <= malire:
        return mawu
    s = b[:malire - 3].decode("utf-8", "ignore")
    if mawu[len(s)] != " " and " " in s:
        s = s.rsplit(" ", 1)[0]
    return s.rstrip(" ,") + "…"
```

Liwu lakuti `"ignore"` ndilo limataya baiti yamasiye ija. Mzere wotsatira umafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi chilembo chobwera pambuyo pa mpeni ndi mpata? Ngati ndi mpata, liwu lomaliza latha lokha bwinobwino ndipo kulitaya n'kuwononga chabe. Lachiwiri: kodi m'chidutswa chotsalacho muli mpata uliwonse? Liwu limodzi ngati "sitidzakuthandizaninso" lili ndi zilembo 22, ndipo likakhala loyamba m'malo a mabaiti 20 palibe mpata wobwererako. Pamenepo wodula alibe kuchitira mwina koma kuthyola liwu, chachikulu asathyole chilembo. Kupanda funso limeneli, mapulogalamu ena amabweza timadontho tokhatokha.

N'chifukwa chiyani kufunafuna mpata osati "malire a liwu" monga momwe zida zambiri zofufuzira mawu zimawadziwira? Yankho lili pa ng'ombe. Chizindikiro `\b`, chimene olemba mapulogalamu amakonda, chimaona kankhodolero ka m'mawu ngati "ng'ombe" ndi "m'mudzi" ngati pothera liwu, moti "Wagula ng'ombe" angasanduke "Wagula ng…". Kwa wowerenga Chichewa ng' ndi liwu limodzi lotuluka m'mphuno, losiyana ndi ng wa mu "ngozi". Kankhodoleroko kalinso ndi msampha wina. Kowongoka ka pa kiyibodi ndi baiti imodzi, koma mapulogalamu olembera makalata amakonda kukasintha kukhala kopindika, ’, kamene ndi mabaiti atatu. Ndiye kuti ngakhale nkhani yolembedwa popanda ŵ ndi mmodzi yemwe, monga zimalembera nyuzipepala zambiri masiku ano, ikhoza kukhala yodzaza ndi zilembo zothyoka pakati.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi mabaiti pamene zilembo zingawerengedwe mwachindunji. Nthawi zambiri n'zoonadi, ndipo ngati malire ndi a maonekedwe chabe, kuwerenga zilembo ndiko koyenera. Mu PHP, mwachitsanzo, `substr` imawerenga mabaiti mosayang'ana, `mb_substr` imawerenga zilembo, pamene `mb_strcut` imawerenga mabaiti koma sidula chilembo pakati. Komabe malire ena ndi a mabaiti enieni: dzina la fayilo pa makina ambiri a Linux silipitirira mabaiti 255, kaya zilembo zake ndi zingati.

Ndipo ngakhale kuwerenga zilembo kuli ndi dzenje lake. Chilembo ŵ chingalembedwe m'njira ziwiri zooneka mofanana: ngati chinthu chimodzi, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kadenga kapadera kamene kamakwera pamwamba pake. M'njira yachiwiriyi kompyuta imaona zinthu ziwiri, ndipo mpeni ungadutse pakati pake popanda kuswa baiti iliyonse. Kafunso kakuda sikaoneka, kadenga kamangosowa mwakachetechete. Mbendera ya Malaŵi ya pa foni nayo ndi zizindikiro ziwiri zomatana, choimira M ndi choimira W, chilichonse cha mabaiti anayi. Ikadulidwa pakati, pamatsala M yekha m'kabokosi. Kapulogalamu ka pamwambaka kamapulumuka ku zimenezi pokhapokha pamene kapeza mpata wobwererako. Pothyola liwu lalitali pamafunika chida chowerenga zilembo monga momwe diso la munthu limazionera, ndipo mu JavaScript chida chimenecho ndi `Intl.Segmenter`.

Msampha wotsiriza umaluma m'thumba. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula mabaiti 140. Ukalembedwa ndi zilembo za m'ndandanda wa GSM, zimene chilichonse chimatenga mabiti asanu ndi awiri, mumalowa zilembo 160. Koma mukapezeka chilembo chimodzi chokha chosakhala m'ndandandawo, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe ka mabaiti awiri pa chilembo, ndipo malire amatsika kufika pa 70. M'ndandanda wa GSM mulibe ŵ, mulibe kankhodolero kopindika, mulibenso … wa chilembo chimodzi. Bungwe lotumiza mauthenga a mitengo ya mbewu kwa alimi likhoza kudula uthenga mosamala pa zilembo 159, n'kumata … kumapeto, osadziwa kuti kachizindikiro kamodziko kasandutsa uthenga umodzi kukhala zigawo zitatu, popeza mauthenga olumikizana a mtunduwu amatenga zilembo 67 pa chigawo. Pa SMS wodula aime pa 157, abwerere pa mpata, kenako alembe madontho atatu wamba, lililonse palokha.